Tchati cha chimanga chikuti mtengo unagwa, koma ife tinkagula modula: chavuta n'chiyani?

Nachisale wa Nkhuku: Moni nonse pagulu. Ndimaweta nkhuku za mazira ndipo chakudya ndimasakaniza ndekha, ndiye chimanga ndi chimene chimandidyera ndalama kwambiri. Mwana wanga wandiikira pulogalamu ya matchati pa foni kuti ndiziona kumene mitengo ikulowera. Ndalemba `ZC1!` monga anandiuzira, ndabwerera m'mbuyo mpaka 2024, ndipo ndikuona mtengo ukutsika mpaka kufika pansi pa 400 mu Ogasiti. Koma chaka chimenecho ndi chija chilala chinatikantha, chimanga chinkakwera mwezi ndi mwezi. Kodi tchatichi chikunama, kapena ine ndi amene sindikudziwa kuwerenga?

Kandulo Wobiriwira: Mayi, tchati sichinama. Nkhani zonse zimakhala zili kale mu mtengo. Inu ikani mzere wa avereji ya masiku 50 ndi wa masiku 200. Wa 50 ukadutsa wa 200 kupita m'mwamba, gulani. Ukadutsa kupita pansi, dikirani. Za mvula ndi malipoti a boma zisiyeni, zimangosokoneza mutu.

Phiri wa ku Joni: Mayi Nachisale, simunalakwitse kuwerenga, kungoti mwatsegula tchati cha msika wa eni ake. `ZC` ndi chimanga cha ku Chicago, chachikasu, cholimidwa ku America, ndipo chambiri chimapita ku ziweto ndi ku mafuta a etanolo. Nambala ya 400 imene mukuionayo ndi masenti a dola pa busheli imodzi, ndiye kuti madola 4. Busheli ya chimanga imalemera pafupifupi makilogalamu 25.4, kutanthauza kuti tani imodzi ndi mabusheli 39.37. Mukachulukitsa madola 4 ndi 39.37 mupeza madola 157 pa tani. Umenewo ndi mtengo wa chimanga chili ku America komweko, chisanakwere sitima, chisanafike ku Beira kapena ku Nacala. Mu 2024 iwo mvula inawagwera bwino, anakolola chambiri, mtengo n'kutsika. Ife kuno El Niño anatiwotcha.

Tchati choyandikira kwathu ndi cha chimanga choyera cha ku South Africa, chimene chimagulitsidwa pa JSE, msika wa masheya wa ku Joni, ambiri amangoti SAFEX. Dzina lake pa sikirini ndi `WMAZ`, chachikasu ndi `YMAZ`. Mtengo umalembedwa mu marandi pa tani, potengera chimanga choperekedwa ku tauni ya Randfontein, kufupi ndi Johannesburg. Chimenecho mukachitsegula muona nkhani yosiyana kotheratu: kumayambiriro kwa 2024 chinali cha m'ma R4,000 pa tani, cha m'ma Malichi ndi Epulo chinadutsa R5,000, ndipo pofika kumapeto kwa chaka chinali pamwamba pa R6,000.

Nachisale wa Nkhuku: Eya, tsopano zikumveka. Ndiye R5,000 pa tani ndi R250 pa thumba la makilogalamu 50, eti? Chifukwa matumba 20 ndi tani.

Phiri wa ku Joni: Mwakhoza mayi.

Kandulo Wobiriwira: Chabwino a Phiri, tchati chinali cholakwika. Koma mfundo yanga ikadali pompo. Akanatsegula `WMAZ` n'kuika mizere iwiri ija, bwenzi itawauza kuti mtengo ukukwera popanda kuwerenga lipoti lililonse.

Phiri wa ku Joni: Ikanawauza, inde, koma liti? Avereji ya masiku 50 imawerengera masiku a msika, ndiye ndi pafupifupi masabata 10 a m'mbuyo. Ya masiku 200 ndi pafupifupi miyezi 10. Mizere imeneyi imatsimikiza chinthu chimene chachitika kale. Chimanga cha ku South Africa chimachita ngaiyaye ndi kubereka cha mu Febuluwale, ndipo masabata ochepa amenewo ndi amene amagamula zokolola. Mu Febuluwale 2024 kunali dzuwa loopsa ku North West ndi kumadzulo kwa Free State, kumene chimanga choyera chambiri chimalimidwa. Mtengo unayamba kudumpha mkati mwa mweziwo. Munthu wodikira kuti mizere idutsane akanapeza gawo lalikulu la kukwera koyambako litapita.

Chimene ndimayang'ana ine ndi chosavuta. Ndimaika tchati pa `1W`, kandulo imodzi kuimira sabata. Kandulo iliyonse ili ndi thupi, losonyeza pamene mtengo unatsegulira ndi pamene unatsekera, ndi timichira tiwiri tosonyeza pamwamba ndi pansi pamene unafika. Ndimafunsa kuti: mtengo ukabwerera pansi, kodi ukuima pamwamba pa pamene unaima ulendo wapita? Ngati kubwerera kulikonse kukuthera pamwamba pa kwapitako, ogula akulolera kulipira zambiri nthawi iliyonse, ndiye kuti mtengo ukulowera m'mwamba. Ndikatero m'pamene ndimatsegula `1D`, kandulo imodzi kuimira tsiku, kuti ndione tsiku limene zinthu zinatembenuka, n'kufufuza kuti tsiku limenelo kunatuluka nkhani yanji.

Gama wa ku Mchinji: Pepani ndilowe nawo. Ine ndimagula chimanga m'midzi n'kukagulitsa ku Lilongwe. Zamatchatizi sindizidziwa, koma ndikudziwa kuti mu 2024 mtengo kuno unasintha Zambia itaima kutulutsa chimanga. Kale chinkalowa pa njinga usiku, kenako anthu a tsidya lija anayamba kufunsa chathu. Kodi zimenezo zimaoneka pa tchati chanucho?

Phiri wa ku Joni: Zimaoneka, koma modzera kwina. Zambia inalengeza kuti chilala ndi ngozi ya dziko pa 29 Febuluwale 2024. Malawi inatsatira pa 23 Malichi, m'maboma 23 mwa 28, ndipo Zimbabwe inalengeza kumayambiriro kwa Epulo. Zokolola za Zambia zinagwa kufika pa matani pafupifupi 1.5 miliyoni, kuchoka pa oposa 3 miliyoni. Dziko limene limagulitsa chimanga kwa anzake litasanduka logula, aliyense anatembenukira ku South Africa, makamaka Zimbabwe. Ndiye `WMAZ` inkakankhidwa mbali ziwiri: zokolola zawo zachepa, ogula akunja achuluka. Njinga zanu za usiku zilibe tchati, a Gama, koma chimene chinaziimitsa ndi chomwecho chimene chinakweza mtengo ku Joni.

Mnyamata wa Golide: Akuluakulu, ine ndimachita malonda a `XAUUSD`, mtengo wa golide mu madola, pa foni. Ndi lipoti liti la migodi limene ndiziyembekezera kuti golide akwere? Ndipatseni tsiku ndi ola basi.

Kandulo Wobiriwira: Iwe mphwanga wasochera, pano tikukamba chimanga.

Phiri wa ku Joni: Musiyeni, funso lake likuthandiza. Golide samvera nkhani za migodi monga chimanga chimamvera nkhani za m'munda. Golide amene anakumbidwa kale akadalipo pafupifupi yense, matani oposa 200,000, pamene migodi yonse imawonjezera matani osafika 4,000 pa chaka. Mgodi umodzi ukatseka, palibe amene amasowa golide. Iye amamvera chiwongoladzanja cha ku America, mphamvu ya dola ndi kugula kwa mabanki aakulu a maiko. Chimanga chimadyedwa n'kutha, chotsala m'nkhokwe chimakhala cha miyezi yochepa, n'chifukwa chake nkhani ya zokolola imachigwedeza.

Mnyamata wa Golide: Ndiye palibe ola?

Gama wa ku Mchinji: Mwana uyu akufuna nambala ya mwayi.

Nachisale wa Nkhuku: A Phiri, bwererani pa malipoti aja. Ndi ati, ndipo amatuluka liti? Komanso pali chinthu chikundizunguza. Mwana wanga akuti nthawi zina lipoti limanena kuti zokolola zachepa, koma mtengo m'malo mokwera umatsika. Zimenezo ndi zotheka bwanji?

Phiri wa ku Joni: Funso limeneli ndiye pagona nkhani yonse, mayi, ndiye mundilole nditalikitse.

Ku South Africa kuli komiti ya boma yoyerekeza zokolola, pa sikirini amailemba CEC. Chiyerekezo choyamba cha zokolola za chimanga chimatuluka kumapeto kwa Febuluwale, kenako amachikonza kumapeto kwa mwezi uliwonse. Msika wa chimanga wa SAFEX umatsegula 9 koloko m'mawa n'kutseka 12 koloko masana, pamene lipotilo limatuluka msika utatseka kale. Ndiye yankho la msika mumaliona m'mawa wa tsiku lotsatira, ndipo ngati nambala yadabwitsa anthu, kandulo yatsopano imatsegulira patali ndi pamene yadzulo inatsekera, pakati n'kutsala mpata wopanda kanthu. Mpata woterowo ukabwera ndi malonda ambiri, timizati ta pansi pa tchati tosonyeza kuchuluka kwa malonda tikatalika kuposa masiku onse, ndipo mtengo osabwerera kukautseka m'masiku otsatira, ndi chizindikiro chakuti msika wasintha maganizo. Mu 2024 chiyerekezo choyamba chinali matani pafupifupi 14.3 miliyoni, cha mu Malichi chinatsika kufika pa 13.3 miliyoni, ndipo pomaliza anakolola osafika 13 miliyoni, pamene chaka cham'mbuyo anali ndi 16.4 miliyoni. Choyera chokha chinachoka pa 8.5 miliyoni kufika cha m'ma 6 miliyoni.

Ku America lipoti lalikulu ndi WASDE, la unduna wawo wa zamalimidwe, USDA. Limatuluka mwezi ndi mwezi, kawirikawiri pakati pa tsiku la 8 ndi la 12, nthawi ya 12 koloko masana ku Washington. Kwathu imakhala 6 koloko madzulo iwo akakhala m'chilimwe chawo, 7 koloko akakhala m'nyengo yozizira. Limeneli limatuluka msika uli mkati, ndiye kandulo ya tsikulo imakhala yaitali modabwitsa.

Tsopano za mwana wanu. Msika suyankha nambala payokha, umayankha kusiyana kwa nambalayo ndi imene amalonda ankayembekezera. Masiku angapo lipoti lisanatuluke, atolankhani a zamalonda amafunsa akatswiri n'kufalitsa avereji ya zoyembekezera zawo. Anthu amagula ndi kugulitsa potengera imeneyo. Lipoti likafanana nayo, palibe chatsopano. Mu 2012 ku America kunali chilala chachikulu, chimanga chinakwera kuyambira pakati pa Juni mpaka kudutsa madola 8 pa busheli. Pa 10 Ogasiti USDA inadula chiyerekezo cha zokolola mpaka mabusheli 123.4 pa ekala, nkhani yoipa kwambiri. Tsiku lomwelo mtengo unagunda pamwamba penipeni n'kubwerera, ndipo sunapafikenso chaka chimenecho. Aliyense wofuna kugula chifukwa cha chilala anali atagula kale. Pa tchati zoterezi zimaoneka ngati kandulo ya kamchira kotalika m'mwamba koma yotsekera pansi, pa tsiku la nkhani imene imayenera kukweza mtengo. Ndikaona zimenezo ndimadziwa kuti kukwerako kwatopa.

Kandulo Wobiriwira: Ndiye mwangovomereza zimene ndinanena poyamba paja. Nkhani inali kale mu mtengo.

Phiri wa ku Joni: Ya 2012 inali kale mu mtengo. Nanga ya 12 Ogasiti 2019? Chaka chimenecho mvula inachuluka ku America, alimi anachedwa kubzala, mtengo unakwera kwambiri mu Meyi ndi Juni. Amalonda ankayembekezera kuti USDA inena maekala pafupifupi 88 miliyoni obzalidwa. Inanena 90 miliyoni, ndi zokolola za mabusheli 169.5 pa ekala, zoposa zimene aliyense ankaganiza. Mtengo unagwa masenti 25, malire amene msika unkalola pa tsiku limodzi nthawi imeneyo. Kontirakiti imodzi ya ku Chicago ndi mabusheli 5,000, ndiye masenti 25 ndi madola 1,250 pa kontirakiti, mkati mwa mphindi zochepa. Mzere uti unakuuzani dzulo lake kuti nambala idzakhala 90?

Kandulo Wobiriwira: Tchati chinali chitafooka kale kuyambira mu Julayi, mukayang'ane bwino. Pamwamba pake pankatsika. Wowerenga tchati anali atatuluka kale.

Phiri wa ku Joni: Pamenepo sindikutsutsani, chinalidi chitafooka. Koma kufooka ndi kugwa mpaka pa malire ndi zinthu ziwiri.

Kandulo Wobiriwira: Tigwirizane kusagwirizana, akulu.

Mayi a Tadala, Blantyre: Ndakhala ndikungowerenga. Ine ndimagula chimanga cha pachigayo chathu. Ndatsegula tchati cha `WMAZ` chija ndipo ndikuona kumayambiriro kwa 2025 mtengo ukugwa kwambiri, ngati wagwera m'chitsime. Panatuluka nkhani yanji?

Phiri wa ku Joni: Mbali ina inali nkhani yeniyeni, mvula ya 2025 inabwera bwino ndipo zokolola zinkaoneka zabwino. Koma samalani, mbali ina ya kugwa kotero imapangidwa ndi tchati chenichenicho. Pa misika imeneyi sagulitsa chimanga chimodzi, amagulitsa makontirakiti a miyezi yosiyana: Malichi, Meyi, Julayi, Seputembala ndi Disembala. Ku South Africa ya Malichi ndi chimanga chakale chotsala m'nkhokwe, ya Julayi ndi chatsopano chimene chikadali m'munda. Mu Januwale 2025 chakale chinali chosowa, pamwamba pa R6,000, pamene cha Julayi chinali chotsika ndi ndalama zoposa R1,000 pa tani tsiku lomwelo. Tchati chopitirira chimalumikiza makontirakitiwa, wina akatha n'kutenga wotsatira. Pa tsiku lolumikiza, kusiyana kwa miyezi iwiriyo kumaoneka ngati mtengo wagwa, pamene palibe amene wagulitsa motchipa. Njira yodziwira ndi kutsegula kontirakiti ya mwezi umodzi payokha. Ngati kugwako kulibe pamenepo, ndiye kuti ndi msoko chabe. Ku Chicago miyezi ili ndi zilembo: `H` Malichi, `K` Meyi, `N` Julayi, `U` Seputembala, `Z` Disembala, ndipo kwa iwo chimanga chatsopano ndi `Z`.

Kusiyana kumeneko kumaphunzitsanso. Chakale chikakhala chodula kwambiri kuposa chatsopano, msika ukunena kuti chasowa lero koma kutsogolo chibwera, ndiye wosunga m'nkhokwe asayembekezere kuti mtengo wa lero udzamudikira.

Gama wa ku Mchinji: Zimenezo ndiye timazidziwa ngakhale opanda foni. Wosunga chimanga kudutsa Febuluwale akusewera ndi moto, chifukwa chikangoyamba kulowa chatsopano cha ku Mulanje ndi cha ku Mozambiki, mtengo umathyoka. Mnzanga wina anasunga matumba mpaka Epulo akudikira kuti ukwerebe, anagulitsa motsika kuposa umene anakana mu Januwale, kuphatikiza anankafumbwe anamudyera.

Mayi a Tadala, Blantyre: Nanga mtengo wa ku Joniwo uli ndi pothera? Kapena chilala chikakula umangokwera?

Phiri wa ku Joni: Uli ndi denga ndi pansi, ngakhale zimasuntha. Chaka cha zokolola zambiri, South Africa imayenera kugulitsa kunja chotsala, ndiye mtengo umatsikira pa mtengo wa dziko lonse kuchotsapo ndalama zonyamulira kukafika ku doko. Chaka cha njala umakwera kulowera pa mtengo wa dziko lonse kuwonjezerapo sitima, doko ndi mayendedwe a kumtunda, chifukwa ukapitirira pamenepo kuitanitsa kunja kumatchipa. Mu 2024 denga limenelo linagwira chachikasu, poti chimapezeka mosavuta ku Argentina ndipo anaitanitsadi. Choyera ndi chovuta, maiko ochigulitsa ndi ochepa, monga Mexico ndi America pang'ono. N'chifukwa chake `WMAZ` inasiya `YMAZ` kumbuyo. Ikani matchati awiriwo pamodzi muone mpata ukukula chaka chimenecho.

Musaiwalenso randi. Randi ikafooka kwa dola, denga ndi pansi zonse zimakwera, ndipo tchati chimakwera popanda nkhani iliyonse ya mvula.

Nachisale wa Nkhuku: Ngati mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zonse n'kukwera.

Phiri wa ku Joni: Ndendende. Tchati cha mtengo wa chimanga mu makwacha chimasakaniza zinthu ziwiri, kusowa kwa chimanga ndi kufooka kwa ndalama. Mukafuna kuona kusowa kokha, sinthani mitengoyo ikhale mu madola.

Mphunzitsi Wopuma: Ndafika mochedwa. Ndili ndi chikayiko, a Phiri. Chimanga chambiri cha ku South Africa ndi chosinthidwa chibadwa chija, ndipo chathu chobwera kunja chimachokera kwambiri ku Tanzania, Mozambiki ndi Zambia. Ndiye mayi wa nkhukuyu tchati cha ku Joni chimuthandiza chiyani pogula matumba ku Lunzu? Si bwino angotsatira lipoti la mwezi ndi mwezi la bungwe lofufuza za chakudya la IFPRI la mitengo ya chimanga m'misika yathu, ndi ziyerekezo za zokolola za unduna wa zamalimidwe?

Phiri wa ku Joni: Aphunzitsi mwanena zoona, ndipo sindinganene kuti `WMAZ` ikakwera ndi R200 ndiye ku Lunzu kukwera mawa. Kwathu mtengo umasunthidwanso ndi zinthu zopanda tchati: boma kuletsa kutulutsa chimanga, tsiku limene ADMARC yatsegula misika, NFRA ikayamba kugula kapena kutulutsa, malire a Songwe, mafuta a galimoto. Phindu la tchati cha ku Joni ndi loti chimasintha tsiku lililonse ndipo anthu ake amaikapo ndalama zawo. Lipoti la IFPRI limakuuzani za mwezi wapita. Chilala chikakhala cha dera lonse ngati cha 2024, `WMAZ` imakuwa msanga, mu Febuluwale, chimanga chathu chikadali m'munda. Chikakhala cha kwathu kokha, kapena kusefukira kwa madzi ngati kwa namondwe Freddy mu 2023, tchaticho sichidzakuuzani kanthu, chifukwa chaka chimenecho iwo anakolola 16.4 miliyoni ija.

Mphunzitsi Wopuma: Ndiye chimathandiza chaka china, chaka china ayi.

Kandulo Wobiriwira: Bola wina atipangire tchati cha ku Lunzu tiikepo mizere.

Nachisale wa Nkhuku: Ine ndili ndi kope limene ndimalembamo mtengo wa thumba nthawi iliyonse ndikagula. Mwana wanga akhoza kuika manambalawo pa kompyuta. Koma a Phiri, posintha kupita ku madola, ndigwiritse mtengo wa ku banki kapena wa pamsewu? Chifukwa awiriwo ndi otalikirana kwambiri.

Gama wa ku Mchinji: Wa pamsewu, mayi. Amene amabweretsa chimanga kuchokera ku Tanzania sapeza ndalama zakunja ku banki.

Mphunzitsi Wopuma: Koma wa pamsewu wa miyezi yapitayo muupeza kuti? Palibe amene amaulemba mwadongosolo.

Phiri wa ku Joni: Jambulani mizere yonse iwiri pamene mungathe, muone ngati ikutembenukira mwezi umodzi. Ndipo tumizani chithunzi cha kopelo pano, ndikufuna ndione mitengo yanu ya Febuluwale ndi Malichi 2024 ndiifananitse ndi masiku amene CEC inatulutsa manambala.